Kusunga nkhope, zovala ndi malo kuti zisasinthe popanga mavidiyo a AI

Makina opanga mavidiyo sakumbukira zimene anapanga dzulo, ngakhale zimene apanga mphindi yapitayi. Mukalemba malangizo n'kudina batani, makinawo amayamba ndi chithunzi cha timadontho tachisawawa, kenako amachiwongola pang'onopang'ono mpaka chigwirizane ndi mawu anu. Mukadinanso, amayambiranso pa timadontho tina. Mawu akuti "mayi wazaka 60 wogulitsa matimati" amakwanira amayi zikwizikwi, ndiye ulendo uliwonse makina amangotolapo mmodzi. Vuto limakula chifukwa tizidutswa timene amatulutsa n'tatifupi. Veo 3 ya Google, imene inatuluka mu Meyi 2025, inkapereka masekondi 8 pa ulendo umodzi, pomwe Runway Gen-4 ya mu Malichi 2025 ndi Kling zinkapereka masekondi 5 kapena 10. Kanema wa mphindi imodzi yokha angafune tizidutswa khumi kapena kuposerapo, ndipo kalikonse ndi mpata woti munthu wanu asinthe.

Zili ngati kusoketsa diresi kwa telala wina tsiku lililonse, n'kumangomufotokozera pakamwa. Aliyense adzasoka zimene wamva, ndipo madiresiwo sadzafanana. Mukamupatsira diresi lakale kuti aonerepo, nkhani imasintha. Njira yonse imene ndifotokoze pano yagona pamenepo: nkhope, zovala ndi malo zinyamulidwe ndi zithunzi, mawu atsale ndi ntchito yonena zimene zikuchitika.

Titenge kanema mmodzi timupange limodzi. Munthu wathu ndi wongopeka, timutche Anabanda, mayi wachikulire wobadwira kuno ku Harare, ku Zimbabwe, kwa makolo ochokera ku Malawi, monga alili ambiri ku Mbare, ku Mufakose ndi ku Mabvuku. Amagulitsa matimati pa msika waukulu wa Mbare Musika. M'mawa wina mnyamata wokankha ngolo akuwabweretsera phukusi lochokera kumudzi, iwo akulimasula. Nkhani ndi yomweyo. Tikufuna tizidutswa 12 ta masekondi 8, zomwe ndi masekondi 96, ndipo tikadula mapeto ndi zoyambira titsala ndi kanema wa mphindi imodzi ndi pang'ono.

Sankhani munthu amene makina angathe kumubwereza

Musanatsegule pulogalamu iliyonse, khalani pansi ndi pepala musankhe maonekedwe. Apa ndi pamene ntchito yambiri imapepukira kapena kulemerera, chifukwa pali zinthu zimene makina amabwereza mosavuta ndi zina zimene amalephera ngakhale muwapatse chithunzi chabwino chotani.

Choyamba chimene mtima udzafune ndi kuwaveka Anabanda chitenje cha maluwa, poti ndi mmene amayi athu amavalira. Ine ndikukulangizani kuti mudziletse. Nsalu ya maluwa ang'onoang'ono ndi mdani wamkulu pa ntchito iyi. Makina amagwira mtundu wake ndi mzimu wake, koma maluwawo amawajambula mwatsopano nthawi iliyonse. M'kachidutswa koyamba pali masamba, m'kachitatu asanduka nsomba, ndipo munthu akamayenda mizere imasambira pansalupo ngati yamoyo. Ngati chitenje chili chofunika pa nkhaniyo, sankhani cha mitundu iwiri yokha ndi chojambula chimodzi chachikulu, monga mabwalo akuluakulu oyera pa nsalu yofiira. Chimodzimodzi zolemba: malaya a timu ya mpira, chipewa cha dzina la kampani, baji ya sukulu, zonsezi zilembo zake zimasokonekera. Zisiyeni.

Anabanda athu tiwaveka duku lachikasu lopanda maluwa lomangira kumbuyo, juzi yoluka yabuluu wakuda, nsalu yofiirira yopanda chojambula, ndi ndolo zing'onozing'ono zasiliva. Pankhope tiikapo zizindikiro ziwiri zooneka: mpata pakati pa mano akutsogolo ndi kachipsera kodula nsidze yakumanzere. Zizindikiro zotere zimagwira ntchito pawiri. Woonera amamuzindikira munthuyo msanga, ndipo inu poyang'ana zimene makina atulutsa mumadziwa pomwepo ngati zalakwika. Dukulo nalonso lili ndi phindu lobisika, chifukwa limaphimba tsitsi, ndipo tsitsi loluka ndi chinthu china chimene chimasintha mizere kachidutswa kalikonse.

Tsopano lembani maonekedwewo m'Chingerezi, poti mapulogalamu ambiri amamva bwino chinenero chimenecho, n'kuwasunga m'fayilo:

```
Malawian woman, about 60, dark brown skin, round face, deep smile lines,
gap between upper front teeth, short scar through her left eyebrow.
Plain mustard-yellow headwrap tied at the back, navy knitted cardigan,
plain maroon wrap skirt, small silver hoop earrings.
```

Ndime imeneyi musailembenso pamtima. Nthawi iliyonse ikafunika, ikopeni monga ilili. Mukalemba `mustard-yellow` lero mawa n'kulemba `golden`, mwapempha maduku awiri osiyana. Onani kuti dzina la Anabanda mulibemo. Dzina silithandiza kanthu, poti makina sadziwa kuti Anabanda ndi ndani, ndipo nthawi zina dzina limakokera nkhope ku anthu ena amene makinawo anawaona ndi dzina lofanana. Onaninso kuti khungu ndi zaka tazitchula poyera. Mukapanda kutero, makina ambiri amakonda kutsitsimula munthu: khungu limayera pang'ono, makwinya amachepa, mayi wazaka 60 amabwerera ku 40.

Pangani zithunzi zoyima musanapange vidiyo

Ndi mawu aja, pitani ku pulogalamu yopanga zithunzi, osati ya vidiyo. Zithunzi n'zotchipa ndiponso zimatuluka msanga, ndiye mutha kupanga zambiri mpaka mutapeza nkhope imene ikukukhutiritsani. Pemphani chithunzi choyang'ana kutsogolo, kuyambira pachifuwa kupita kumwamba, kumbuyo kuli khoma lotuwa, kuwala kofanana mbali zonse. Musaike msika kumbuyo pakadali pano, ndipo musapemphe kuwala kokongola kwa dzuwa lolowa, chifukwa mthunzi uliwonse wa pachithunzi ichi udzatsatira munthuyo kulikonse.

Mukasankha chimodzi, ndicho chithunzi chachikulu, ndipo zina zonse zibadwe kuchokera kwa icho. Mukufunika china choonera chammbali pang'ono, china chammbali penipeni, china cha thupi lonse kuchokera kumutu mpaka kumapazi, china cha kumbuyo choonetsa mfundo ya duku, ndi chimodzi akumwetulira kuti mano aoneke. Chomalizachi ambiri amachiiwala. Ngati pa zithunzi zanu zonse pakamwa pali potseka, makina sadziwa za mpata wa mano uja, ndiye Anabanda akadzaseka adzatuluka ndi mano ondondozana bwinobwino a munthu wina.

Mapulogalamu ali ndi njira zake zolandirira chithunzi choonerapo. Mu pulogalamu yopanga zithunzi ya Midjourney V6 mumalemba `--cref` kenako adiresi ya pa intaneti ya chithunzi, ndipo `--cw` amanena kuti atengeko zochuluka bwanji: `--cw 100` amatenga nkhope, tsitsi ndi zovala, `--cw 0` amatenga nkhope yokha, zomwe zimathandiza mukafuna kusintha zovala mwadala. Mu V7 ntchito imeneyo inapita kwa `--oref` ndi `--ow`. Runway ili ndi `References`, Kling ili ndi `Elements`, ndipo Flow ya Google ili ndi `Ingredients to Video`. Maina a mabatani amasinthasintha, koma maganizo ake ndi amodzi: mumalowetsa zithunzi zochepa, kawirikawiri zitatu kapena zinayi, ndipo makina amayesa kusunga zimene zili mmenemo.

Chithunzi chilichonse chatsopano chiikeni pambali pa chachikulu muchiyang'ane modekha. Kodi mphuno ndi yomweyo? Chipsera chili pa nsidze yomweyo? Chikakayikitsa, chitayeni pomwepo. Cholakwika chimene mungachilole pano chidzaberekana m'tizidutswa tonse 12.

Pali mayesero ogwiritsa ntchito chithunzi cha azakhali anu enieni kapena cha mayi wina amene munamujambula pamsika, poti nkhope yeniyeni imaoneka yamoyo kuposa yopanga. Musatero popanda chilolezo chomveka cha mwiniwake, ndipo mumuuze kuti nkhope yake idzayenda ndi kuchita zinthu zimene iye sanachite. Zimbabwe ili ndi lamulo loteteza zinthu zokhudza munthu payekha la 2021, koma ngakhale popanda lamulo, Mbare ndi yaing'ono ikafika pa vidiyo yoyenda pa WhatsApp.

Malo: jambulani ndi foni yanu

Mukalemba `African market`, mudzalandira msika wopanda kwawo, wosakaniza zinthu za maiko ambiri, nthawi zina ndi migwalangwa ndi tinjinga tamoto ta mawilo atatu. Ngakhale mutalemba `Mbare Musika`, makina sanaone zithunzi zokwanira za malowo kuti akupatseni chinthu chimodzimodzi kawiri. Aliyense amene anakwerapo kombi pamenepo adzaona kuti si kwathu.

Njira yabwino ndi kudzipezera chithunzi cha malowo nokha. Pitani m'mamawa, pemphani mwini benchi, mujambule benchiyo popanda nkhope za anthu: thabwa, milu ya matimati, mabokosi amatabwa, tenti ya pamwamba. Jambulani muli mbali zitatu: kutsogolo penipeni, chakumanja, ndi pafupi kwambiri ndi matimatiwo. Foni muigwire chopingasa ngati kanema wanu ndi wa 16:9, choimirira ngati ndi wa 9:16, ndipo zimenezi musankhe lero chifukwa kusintha pakati pa ntchito kumakakamiza makina kupeka mbali zimene kulibe. Ngati simungathe kupita, pangani chithunzi cha malo opanda munthu ndi pulogalamu ya zithunzi, muchikonze mpaka chifanane ndi kwathu, kenako chikhale chokhazikika ngati nkhope ija.

Malo nawonso akhale ndi ndime yake yosasintha, ndipo ikhale ndi zinthu zochepa zowerengeka:

```
Open-air market stall, wooden table, tomatoes stacked in small pyramids,
blue tarpaulin overhead, one green plastic basin on the right of frame.
Dry season, 7 am, low warm sun from the left of frame, dusty ground.
```

Beseni lobiriwiralo lili ndi ntchito. Ndi chizindikiro chanu: likasamukira kumanzere kapena likasanduka ndowa, mwadziwa kuti malo asuntha. Nyengo nayo itchuleni. Harare wa mu Okutobala, jakaranda atachita maluwa ndi fumbi lili ponseponse, si Harare wa mu Januwale wa matope ndi udzu wobiriwira, ndipo mukapanda kunena, makina adzasakaniza miyezi iwiriyi m'mawa umodzi.

Nkhani ya kumanzere ndi kumanja imasokoneza kwambiri. Mukalemba `left` yekha, makina sasiyanitsa kumanzere kwa munthuyo ndi kumanzere kwa woonera. N'chifukwa chake pa chipsera talemba `her left eyebrow` koma pa dzuwa ndi beseni talemba `of frame`. Ngakhale mutatero adzalakwitsabe nthawi zina, ndipo mudzafuna kungotembenuza chithunzicho mu pulogalamu yodulira. Chenjerani, chifukwa mukatembenuza kuti chipsera chibwerere pamalo pake, dzuwa ndi beseni zimasamukira mbali ina. Ndipo ngati kumbuyo kukudutsa kombi, kumbukirani kuti kuno magalimoto amayenda kumanzere ndipo chiwongolero chili kumanja. Makina ambiri amaika dalaivala kumanzere mukapanda kuwaletsa. Ine ndimangochotsa magalimoto onse ngati nkhaniyo sikuwafuna.

Kachidutswa kalikonse kayambire pa chithunzi chovomerezeka

Apa ndi pamtima pa njirayi. Musapemphe vidiyo kuchokera ku mawu okha. Lembani mndandanda wa tizidutswa 12 tija, ndipo pa kalikonse pangani chithunzi choyima choonetsa mmene kadzayambire: Anabanda, ovala zovala zawo, ali pabenchi yawo, kamera ili pamene mukuifuna. Popanga chithunzichi mumalowetsa zithunzi za munthu ndi za malo pamodzi ndi ndime ziwiri zija. Mukamaliza zonse 12, ziikeni pamzere umodzi pa kompyuta muziyang'ane ngati gulu. Diso limagwira kusiyana msanga zithunzi zikakhala moyandikana kusiyana ndi kuziona chimodzichimodzi. Zikagwirizana zonse, ndi pamene mumawononga ndalama pa vidiyo. Kwa amene timagula mabandulo ndi kugwira ntchito mothamangitsana ndi magetsi, dongosolo limeneli limapulumutsa zambiri, chifukwa chithunzi cholakwika chimatayitsa kangachepe poyerekeza ndi vidiyo yolakwika.

Kenako lowetsani chithunzicho ngati fulemu yoyamba, kutanthauza chithunzi chimene vidiyo imayambira, pa batani limene nthawi zambiri limalembedwa `Image to Video` kapena `Frames to Video`. Mawu amene mulembe pano ndi ena. Musabwerezenso kufotokoza nkhope ndi zovala, poti zili kale m'chithunzimo. Mukabwereza, mawu ndi chithunzi zimayamba kulimbana, ndipo m'masekondi ochepa nkhope imatsetsereka kuchoka pa chithunzi kupita kwa mayi wamba amene mawuwo akumufotokoza. Lembani zochitika ndi kamera basi. Kachidutswa kachinayi kangakhale motere:

```
She picks up two tomatoes, adds them to the pile, then looks up.
Static camera, medium shot.
```

Chochitika chikhale chimodzi kapena ziwiri zing'onozing'ono. Mukapempha kuti anyamuke, atembenuke, ayende, aweramire ndi kuseka m'masekondi 8, makina amathamanga ndipo nkhope ndiyo imalipira.

Pali nthawi zitatu zimene nkhope imathawa, ndipo mukazidziwa mumazipewa polemba mndandanda. Yoyamba ndi pamene munthu watembenuka n'kupereka nkhongo kwa kamera kenako n'kubwerera. Nkhope ikabisika, makina amaipeka mwatsopano pobwerera. Yachiwiri ndi pamene chinthu chadutsa kutsogolo kwake, kaya ndi dzanja, phukusi kapena munthu wodutsa. Yachitatu ndi pamene kamera ili kutali. Tiwerengere pang'ono: pa vidiyo ya 1280 ndi 720, munthu woima amene akudzaza pafupifupi msinkhu wonse wa chithunzi amatenga mapikiselo, timadontho topanga chithunzi, ngati 600, ndipo mutu wake ndi mapikiselo ngati 80 okha. M'malo ochepa chonchi mulibe mpata wa chipsera ndi makwinya. Kamera ikayandikira kuchokera pamenepo, makina amadzaza nkhopeyo ndi zongopeka. Choncho musayambe patali n'kuyandikira. Yambani pafupi n'kubwerera m'mbuyo, kapena dulani: kachidutswa kakutali koonetsa msika, Anabanda akuoneka ndi duku lachikasu lokha, kenako kachidutswa kapafupi koyambira pa chithunzi chake. Woonera amalumikiza yekha chifukwa cha mtundu wa dukulo.

Kamera nayo ikhale mbali imodzi ya benchi pa tizidutswa tonse. Ngati Anabanda akuyang'ana kumanja kwa chithunzi polankhula ndi mnyamata uja, ayang'ane komweko mpaka mapeto. Ili ndi lamulo lakale la ojambula makanema, koma pano lili ndi phindu lina: makina sakakamizika kupeka mbali ya msika imene simunawaonetse.

Za kulumikiza ndi fulemu yomaliza

Njira imene ambiri amaiphunzira poyamba ndi kutenga fulemu yomaliza ya kachidutswa kamodzi n'kuiyika ngati yoyamba ya kotsatira. Ndi ffmpeg, pulogalamu yokonzera mavidiyo imene mumaiyendetsa polemba malamulo, mumaitulutsa chonchi:

```
ffmpeg -sseof -1 -i shot04.mp4 -update 1 last04.png
```

Imagwira ntchito ngati mukufuna chochitika chimodzi chipitirire masekondi 16 osadukiza. Koma musaipange kukhala msana wa kanema yense. Fulemu yomaliza imakhala itasiyana kale pang'ono ndi chithunzi chachikulu, ndiponso yafinyidwa ndi fayilo ya vidiyo. Mukayambira pa iyo, kachidutswa kotsatira kamawonjezera kusiyana kwake pamwamba pa koyamba. Pofika kachinayi kapena kachisanu mumaona zizindikiro: khungu lasalala ngati lapulasitiki, mitundu yawala mopitirira, duku lachikasu layamba kufiira, juzi yoluka yataya maso ake. Choipa chake n'chakuti kachidutswa kalikonse kamafanana ndi koyandikana nako, ndiye inu amene mwakhala mukuyang'ana usiku wonse simuona kanthu. Lumikizani kamodzi, mwina kawiri, kenako dulani n'kubwerera ku chithunzi chochokera kwa chachikulu chija.

Mwina mwamvanso za `seed`, nambala imene imasankha timadontho toyambira. Nambala yomweyo ndi mawu omwewo pa makina omwewo zimapereka zofanana kapena zoyandikana kwambiri. Koma mukasintha mawu, munthu amasinthanso ngakhale nambala ikhale yomweyo. Ndi yothandiza poyesa kusintha liwu limodzi kuti muone zotsatira zake, osati posunga nkhope. Chofunika kwambiri kuposa nambalayo ndi kuzimitsa batani lokonza mawu anu, limene nthawi zina limalembedwa `Enhance prompt`, ngati pulogalamuyo ikulola. Limalemba mawu anu mwatsopano ulendo uliwonse, ndipo ndime yanu yosasintha ija imafika kwa makina itasintha. Mtundu wa makina nawo musausinthe pakati pa ntchito. Ngati mwayamba ndi Kling kapena Veo ya nambala inayake, malizani ndi yomweyo, chifukwa iliyonse ili ndi kajambulidwe kake ka khungu ndi kuwala.

Mnyamata wa ngolo akalowa

Anthu awiri m'chithunzi chimodzi amabwerekana zinthu. Mumalemba kuti mayi wavala duku lachikasu ndipo mnyamata wavala ovolosi yotuwa, koma mumapeza mnyamatayo wavala chipewa chachikasu, kapena chipsera chasamukira pa nsidze yake. Makina samangirira liwu lililonse pa munthu wake molimba. Pochepetsa zimenezi, awiriwo asiyane kwambiri msinkhu, zaka ndi mitundu ya zovala, ndipo mnyamatayo akhale ndi zithunzi zake monga tinachitira ndi Anabanda. Pofotokoza zochitika, atchuleni ndi malo awo, `the woman on the left`, `the man on the right`.

Koma njira yodalirika ndi kuwasonyeza limodzi kamodzi kapena kawiri kokha. Pa tizidutswa tathu 12, ka nambala 6 kokha ndi kamene kali ndi onse awiri, kuti woonera adziwe amene waima pati. Totsatira tonse ndi ta munthu mmodzimmodzi: nkhope ya mnyamata, nkhope ya Anabanda, kenako manja okha akulandira phukusi. Tizidutswa ta manja, ta matimati, ta wilo la ngolo ndi mpumulo wanu, chifukwa mulibe nkhope yoti isinthe. Ingosamalani kuti mkono wa juzi ukhale wabuluu wakuda womwewo ndipo khungu la manja lifanane ndi la nkhope. Phukusilo nalonso likhale ndi chithunzi chake, apo ayi lidzalowa ngati katoni n'kumasulidwa ngati thumba.

Kuyang'ana zimene zatuluka

Vidiyo ikamayenda imabisa zolakwika. Itambasuleni kukhala zithunzi. Lamulo ili limatenga fulemu imodzi pa sekondi iliyonse ya kachidutswa ka masekondi 8 n'kuziika pa tsamba limodzi:

```
ffmpeg -i shot04.mp4 -vf "fps=1,scale=480:-1,tile=4x2" -frames:v 1 sheet04.png
```

Tsambalo liikeni pambali pa chithunzi chachikulu, osati pambali pa kachidutswa kapitako. Yang'anani chipsera, mano, ndolo, mfundo ya duku, beseni ndi mbali imene mthunzi wagwera. Ndolo ndizo zimayamba kusowa, kawirikawiri mutu ukangotembenuka. Mudzaonanso kuti masekondi oyambirira amakhala okhulupirika kuposa omaliza. Ngati nkhope yathawa pa sekondi yachisanu ndi chimodzi, musataye kachidutswa konse. Dulani pa yachisanu mugwiritse ntchito zimene zili bwino.

Kenako onetsani munthu amene sanaone ntchitoyo, makamaka wachikulire, osamuuza zoti ayang'ane. Iye adzayang'ana nkhope, pomwe ife timayang'ana mitundu ndi kamera. Azakhali akangoti, "Iwe mwanawe, amayi oyamba aja apita kuti? Awa ndi achemwali awo?", kachidutswa kameneko kabwerezeni, ngakhale kakhale kokongola chotani.

Kusiyana kwa mitundu kokha sikufuna kubwereza. Ngati kachidutswa kena katuluka kofiirira kuposa anzake, kakonzeni mu pulogalamu yodulira mavidiyo monga CapCut kapena DaVinci Resolve, pofananitsa tonse ndi kamodzi kamene mwakasankha. Mawu olankhula nawo ndi bwino kujambula munthu weniweni wolankhula Chichewa n'kuwaika pamwamba, chifukwa makina amene amapanga mawu pamodzi ndi vidiyo amasintha liwu la munthu monga amasinthira nkhope.

Ngati Anabanda adzabwera m'makanema ambiri, mwezi ndi mwezi, pali sitepe ina: kuphunzitsa kafayilo kotchedwa LoRA, kamene kamawonjezera munthu wanuyo pa makina otseguka, amene aliyense angawatsitse, monga Wan a kampani ya Alibaba, oyendetsedwa mu pulogalamu ya ComfyUI. Mumasonkhanitsa zithunzi zoyera 20 mpaka 30 za munthu yemweyo, zoonera mbali zosiyana, kuwala kosiyana, ndi malo osiyana, n'kumupatsa liwu lachilendo lomuitanira. Dziwani kuti chilichonse chimene chili pa zithunzi zonse chimamatirira kwa munthuyo. Ngati zonse zili ndi duku lachikasu, Anabanda sadzalivulanso, ndipo ngati zonse zili pamsika, matimati adzawatsatira mpaka kutchalitchi. Zimafuna kompyuta yokhala ndi khadi lamphamvu la zithunzi kapena kubwereka yotero pa intaneti, ndiye pa kanema mmodzi wa mphindi imodzi si zoyenera kuvutikira.

Pa kanema wathuyu zokwanira ndi foda imodzi yokhala ndi chithunzi chachikulu, zithunzi zisanu zobadwa kwa icho, zitatu za benchi, za mnyamata ndi phukusi, ndi fayilo ya ndime ziwiri zija. M'fayilo yomweyo lembani, pa kachidutswa kalikonse, chithunzi chimene munayambira, mawu enieni amene munalemba, dzina ndi nambala ya makina, ndi `seed` ngati ikuoneka. Zonsezi muzitsitse pa kompyuta yanu tsiku lomwelo, osadalira kuti zikhalabe mu pulogalamu, kuti kachidutswa kachisanu ndi chiwiri kakadzafunika kubwereza patapita masabata, mudzayambire pa chithunzi chomwecho ndi mawu omwewo.